Kuchotsa zala zoonjezera ndi manja opindika pa zithunzi zotsatsira malonda: kagwiritsidwe ntchito ka mawu oletsa

Pa chithunzi chotsatsira malonda, diso la wogula limayambira pa nkhope ya munthu, kenako limatsikira pa katundu amene wagwira. Pa katundupo ndi pamene pali zala. N'chifukwa chake dzanja lolakwika silibisika pa ntchito ya mtundu uwu: wojambula mwiniwake wakokera maso a anthu pomwepo. Chala chachisanu ndi chimodzi, chala chachikulu chomera mbali yolakwika, kapena mphete yosungunukira m'khungu, zimapangitsa mwini malonda kubweza ntchito, ndipo akabweza amakhala sanalakwe.

Malangizo awa ndi a amene mukupanga zithunzi ndi Stable Diffusion, AI yojambula zithunzi potsatira mawu amene mwalemba, makamaka modelo ya SDXL imene inatuluka mu 2023, pa pulogalamu ya AUTOMATIC1111 kapena Forge imene imafanana nayo. Titsatira ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: chithunzi cha mayi wogwira botolo loyera la mafuta odzola, choti chikaikidwe pa chikwangwani cha sitolo.

Zimene bokosi lachiwiri limachita

Pansi pa bokosi limene mumalembamo zimene mukufuna muli lina lolembedwa `Negative prompt`. Mawu a m'bokosi limeneli ndi amene ndikuwatchula kuti mawu oletsa. Anthu ambiri amaganiza kuti pulogalamu imajambula kaye, kenako n'kuyang'ana ngati pali zimene mwaletsa, n'kuzifufuta. Sizitero ayi, ndipo kusamvetsa kumeneku ndi kumene kumawonongetsa nthawi yambiri.

Chithunzi chimayamba ngati timadontho tosokonekera, ndipo modelo imachiyeretsa pang'onopang'ono, tinene maulendo 30. Pa ulendo uliwonse imalosera kawiri. Koyamba imalosera potsatira mawu anu a m'bokosi la pamwamba, kachiwiri potsatira a m'bokosi la pansi. Ikatero imaona kusiyana kwa ziwirizi, n'kukankhira chithunzi kuchoka ku cha pansi kulowera ku cha pamwamba. Mphamvu ya kukankhako ndi nambala ija ya `CFG Scale`:

```
zotsatira = pansi + CFG × (pamwamba − pansi)
```

Zili ngati kukankha bwato kuchoka pa gombe. Mwalichotsa pamene simukufuna kuti likhale, koma kukankha pakokha sikuliuza kopita. Mukalemba kuti simukufuna zala zoonjezera, chithunzi chimatalikirana ndi zimene modelo imaziona ngati zala zoonjezera, koma palibe paliponse m'katimo pamene zala zikuwerengedwa kuti zakwana zisanu. Mawu oletsa amachepetsa mwayi woti dzanja lilakwike, basi. Ndi thandizo lenileni, koma lili ndi malire, ndipo njira yonse imene ili pansipa yamangidwa pozindikira malirewo.

Choyamba, tsimikizani kuti bokosilo likugwira ntchito

Ikani 1 m'malo mwa CFG mu masamu aja, muona kuti mawu a pansi akudzifafaniza okha, kutsala a pamwamba. Ndiye kuti `CFG Scale` ikakhala 1, chilichonse chimene mwalemba m'bokosi la mawu oletsa chilibe ntchito. Mamodelo othamanga, monga SDXL Turbo ndi aja a LCM ndi Lightning, amayendera pa CFG ya 1 kapena yongopitirira pang'ono, choncho mawu oletsa sagwira kapena amagwira mofooka kwambiri. FLUX.1, imene inatuluka mu 2024, nayo m'kakonzedwe kake ka masiku onse siwerenga mawu oletsa. Pa ntchito yathuyi sankhani modelo wamba ya SDXL yopanga zithunzi zooneka ngati za kamera, muike `CFG Scale` pa 6.

Kuyesa kwake n'kwapafupi. Ikani nambala yokhazikika pa `Seed`, imene imasankha timadontho toyambira tija, pangani chithunzi bokosi la pansi lili lopanda kanthu, kenako lembanimo `smile` n'kupanganso. Ngati mayi uja akumwetulira chimodzimodzi ndipo chithunzi sichinasinthe ngakhale pang'ono, musavutike ndi zotsatirazi musanakonze vuto limeneli. Amene mukugwiritsa ntchito pulogalamu ina ya ComfyUI yang'anani kuti `CLIP Text Encode` yachiwiri yalumikizidwa pa `negative` ya `KSampler`.

Mawu onse alembedwe m'Chingerezi. Mbali ya modelo imene imawerenga mawu inaphunzitsidwa makamaka ndi zithunzi zofotokozedwa m'Chingerezi, ndipo mukalemba kuti "zala" siidziwa kuti mukunena chiyani.

Chachiwiri, patsani dzanja malo musanaletse chilichonse

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Stable Diffusion sijambula pa mapikiselo enieni a chithunzi chanu. Imajambula pa kachithunzi kofupikitsidwa ka 8 m'litali ndi m'lifupi momwe, kenako n'kukakulitsa pomaliza. Chithunzi cha 896 × 1152 chimajambulidwa pa timabokosi 112 × 144 tokha.

Tsopano taganizirani mayi wathu ataima thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, m'chithunzi chimenecho. Kunenepa kwa chala chake chimodzi kumakhala pafupifupi mapikiselo 11, omwe ndi kabokosi kamodzi ndi kachidutswa. Zala zinayi zoyandikana, mipata ya pakati pake, ndi mithunzi yake, zonse zikulimbirana timabokosi 5 kapena 6. Zala zimamatana chifukwa palibe malo ozilekanitsira, ndipo ngakhale mutalemba mawu oletsa 100 malowo sawonjezeka. Mukamujambula kuyambira m'chiuno kupita kumutu, chala chomwecho chimafika pa mapikiselo pafupifupi 24, timabokosi 3. Pamenepo modelo yayamba kukhala ndi pogwira.

Chinthu china n'choti dzanja lopatsidwa ntchito limatuluka bwino kuposa dzanja longolendewera m'malere. Zala zokulunga botolo zili ndi kaimidwe kamodzi kodziwika, pamene dzanja lotambasula m'mwamba likhoza kuima m'njira zosawerengeka ndipo modelo imasakaniza ziwiri kapena zitatu. Manja awiri ogwirana, kapena zala zopingasana, ndiye zovuta kuposa zonse. Ngati mwini malonda sanaumirire, zipeweni. M'bokosi la pamwamba lembani motere:

```
photo of an African woman in her 30s, dark skin, waist-up, smiling,
one hand holding a white plastic bottle at chest level,
other arm down at her side, plain studio background, soft light
```

Mkono winawo ukatsika, dzanja lake limatuluka kunja kwa chithunzi, ndipo mwatsala ndi dzanja limodzi lokha loti mulisamale. Musataye nthawi kulemba kuti likhale lamanja kapena lamanzere, chifukwa modelo siisamala kwenikweni za zimenezo. Ngati likufunika mbali inayake, mudzatembenuza chithunzi pomaliza, musanaikepo zolemba.

Chenjezo limodzi: musalembe `no extra fingers` m'bokosi la pamwamba. Modelo siimva bwino mawu okana ngati amenewa. Imangoona kuti mwatchula zala zoonjezera, ndipo mukhoza kupeza kuti mwaziitana nokha. M'bokosi la pansi namo musayambe ndi `no`. Lembani dzina la chinthu chimene simukuchifunacho, osawonjezerapo kanthu.

Chachitatu, onani kaye matenda ake

Siyani bokosi la pansi lopanda kanthu. Ikani `Sampling steps` pa 30, sankhani `DPM++ 2M` ndi `Karras`, `Seed` ikhale 1001, `Batch count` ikhale 8. Pulogalamu ipanga zithunzi 8 za manambala 1001 mpaka 1008. Pewani `Euler a` pa nthawi yoyesa, chifukwa imathira timadontho tatsopano pa ulendo uliwonse ndipo chithunzi sichikhazikika.

Tsegulani chilichonse, mukulitse dzanja mpaka lidzaze sikirini, muwerenge. Dzanja logwira botolo liyenera kuonetsa zala zinayi mbali imodzi ndi chala chachikulu mbali inayo, kapena chala chachikulu chokha kutsogolo ndi nsonga za zinazo zikusuzumira m'mbali. Werengani zikhadabo padera, mfundo za zala padera, chifukwa kawirikawiri pa mfundo zimayamba zala zinayi koma pofika ku nsonga zakhala zisanu. Lembani pa pepala vuto lenileni la chithunzi chilichonse: chala choonjezera, zala ziwiri zomatana, chala chotalika mopitirira, dzanja lachitatu lotulukira kuseri kwa botolo.

Chifukwa chopangira 8 osati chimodzi n'chakuti liwu lililonse limene muwonjezere pansi limagwedeza chithunzi chonse. Mukhoza kulemba liwu losakhudzana n'komwe ndi manja, dzanja n'kukhala bwino mwamwayi pa `Seed` imodzi, inu n'kukhulupirira kuti mwapeza mankhwala. Liwu limene likuthandizadi limaonetsa kusintha pa zithunzi zingapo nthawi imodzi.

Chachinayi, letsani zimene mwaona, limodzilimodzi

Tinene kuti pa pepala lanu zatuluka kawirikawiri ndi zala zoonjezera ndi zala zomatana. Yambani ndi zimenezo zokha:

```
extra fingers, fused fingers
```

Pangani zithunzi 8 zomwe zija, manambala omwewo, muyerekeze ndi zoyamba. Ngati manja abwino achuluka, sungani mawuwo n'kuwonjezera limodzi lina logwirizana ndi vuto lotsala, monga `elongated fingers` ngati zala zikutalika, kapena `extra hands` ngati pakubwera dzanja lachilendo. Ngati sipanasinthe kanthu, lichotseni liwulo. Musalisiye poganiza kuti silikupweteka aliyense.

Kuti musamachite kubwereza pamanja, pansi pa tsamba pali `Script`, sankhani `X/Y/Z plot`. Pa `X type` ikani `Prompt S/R`, pa `Y type` ikani `Seed`, ndipo `Batch count` muibweze pa 1:

```
X values: fused fingers, elongated fingers, deformed hands
Y values: 1001-1008
```

Liwu loyamba pa mzere wa X liyenera kupezeka ndendende m'mawu anu, chifukwa ndi limene pulogalamu imalichotsa n'kuikapo enawo mosinthanasinthana. Mupeza tebulo limodzi la zithunzi 24, ndipo mungoyendetsa diso kutsika mzere uliwonse.

Pa intaneti mupeza mindandanda yaitali imene anthu amangokopera, yoyamba ndi `lowres, bad anatomy, bad hands, missing fingers, extra digit`. Mndandanda umenewu unafala mu 2022 kuchokera ku NovelAI, imene modelo yake inaphunzitsidwa ndi zithunzi za makatuni a ku Japan zochokera pa Danbooru. Pa tsamba limenelo anthu amaika zizindikiro ngati `bad anatomy` ndi `bad hands` pa zojambula zolakwika, ndiye modeloyo inaonadi zitsanzo za mawu amenewa. Modelo ya zithunzi zooneka ngati za kamera sinaphunzire motero, chifukwa palibe wojambula amene amalemba pansi pa chithunzi chake kuti manja ndi oipa. N'chimodzimodzi ndi timafayilo ta `EasyNegative` ndi `badhandv4`, timene anthu amatitchula m'bokosi la mawu oletsa: tinapangidwira Stable Diffusion 1.5, makamaka ya makatuni, ndipo pa SDXL sitigwira ntchito. Ine ndimaona kuti mawu 4 kapena 6 oyesedwa amaposa mndandanda wa mizere 5 wokopera. Pa kona ya bokosi pali kanambala kowerenga tizidutswa ta mawu anu, kooneka ngati `12/75`. Mukadutsa 75 pulogalamu imadula mawu anu m'zigawo ziwiri, ndipo mukafika pamenepo dziwani kuti mukuletsa zinthu zimene simunazionepo.

Liwu likamathandiza koma mofooka, likhoza kuwonjezeredwa mphamvu:

```
(extra fingers:1.2), fused fingers, elongated fingers
```

Kwerani pang'onopang'ono, 1.1, 1.2, 1.3. Mukapitirira pamenepo chithunzi chimayamba kupsa: mitundu imawala mopweteka m'maso, m'mphepete mwa zinthu mumada, khungu limauma.

Mawu oletsa akayamba kuwononga

Chizindikiro choyamba ndi manja kuthawa. Mukalemba `bad hands`, `deformed hands`, `ugly hands`, `mutated hands` zonse pamodzi, liwu limene labwerezedwa kanayi ndi `hands`, ndipo njira yapafupi yotalikirana nalo ndi kusajambula manja n'komwe. Muona mayi uja wabisa dzanja kuseri kwa botolo, botolo likuoneka ngati layandama, kapena chithunzi chadulidwa pachifuwa. Mukaona zotere chepetsani mawu otchula manja, atsale amodzi kapena awiri. Njira ina ndi kuwachedwetsa. Maulendo oyambirira ndi amene amakhazikitsa kaimidwe ka munthu, otsatira amakonza tinthu ting'onoting'ono, choncho mukhoza kuuza pulogalamu kuti iyambe kuletsa dzanja litakhala kale pamalo pake:

```
[deformed hands:0.3], extra fingers, fused fingers
```

Apa `deformed hands` ayamba kugwira ntchito pakatha magawo 30 pa 100 a maulendo, omwe ndi maulendo 9 mwa 30 aja. Amene mukugwiritsa ntchito Midjourney muli ndi `--no` amene amagwira ntchito yofanana, ndipo vuto la manja kuthawa liliko komwekonso.

Chizindikiro chachiwiri chimatikhudza kwambiri ife amene timapanga zithunzi za anthu akuda. M'mindandanda yokopera muja mumapezeka mawu ngati `dark`, `shadow`, `underexposed`, amene wolembayo ankafuna kuti chithunzi chiwale. Modelo siisiyanitsa bwino mdima wa m'chipinda ndi kuda kwa khungu, ndiye imamuyeretsa munthuyo. Mawu ngati `ugly`, `blemishes` ndi `wrinkles` nawo amasalaza nkhope mpaka kuoneka ngati ya chidole, ndipo nthawi zina amasintha mphuno ndi milomo. Pa malonda a mafuta odzola zimenezi n'zoopsa, chifukwa chikwangwani chikhoza kuoneka ngati chikutsatsa mafuta oyeretsa khungu pamene mwini malonda sagulitsa zotero. Ikani chithunzi choyamba chija, chopanda mawu oletsa, pambali pa chatsopano, muyerekeze khungu la pamphumi. Likayera, fufuzani liwu limene lachititsa, mulichotse.

Chachisanu, konzani dzanja palokha

Mukafika apa muli ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri zimene nkhope, kuwala ndi kaimidwe zili bwino, dzanja latsala pang'ono. Musapitirize kusaka `Seed` ya mwayi. Tumizani chithunzicho ku `Inpaint`, imene ili pansi pa `img2img`, mupake dzanja lonse kuyambira polumikizana ndi mkono mpaka ku nsonga za zala, kuphatikizapo kachigawo ka botolo kamene zala zakhudza. Kenako ikani izi:

```
Masked content: original
Inpaint area: Only masked
Only masked padding, pixels: 64
Resize to: 1024 x 1024
Denoising strength: 0.45
```

Chofunika kwambiri pamenepa ndi `Only masked`. Pulogalamu imadula malo mwapakawo pamodzi ndi m'mphepete mwake, kuwakulitsa mpaka 1024, kuwajambulanso, n'kuwabwezera pamalo pake. Dzanja la mapikiselo 200, kuwonjezera 64 mbali iliyonse, likhala 328, ndiye lakulitsidwa pafupifupi katatu. Chala chija chinali ndi timabokosi 3 tsopano chili ndi 9. Apa ndi pamene mawu oletsa amagwira bwino kuposa pena paliponse, chifukwa malo alipo, ndipo sangakhudzenso nkhope. M'mphepete muja musachepetse kwambiri: modelo ikapanda kuona mkono ndi botolo, imajambula dzanja lokongola koma loloza kolakwika.

Sinthaninso mawu a pamwamba kuti anene zokhazo zimene zili m'kachigawoko, apo ayi mudzapeza kankhope kakang'ono katajambulidwa pa chikhatho:

```
close-up photo of a dark-skinned woman's hand holding a white plastic bottle,
natural skin texture, short clean nails
```

`Denoising strength` ndi imene imanena kuchuluka kwa ufulu umene mwaipatsa modelo. Pa 0.3 mpaka 0.45 imasalaza ndi kulekanitsa zala koma kapangidwe ka dzanja sikasintha, kutanthauza kuti chala choonjezera chikhalabe, chongokongoletsedwa. Pa 0.6 mpaka 0.75 imamanganso dzanja, koma ikhoza kubweretsa vuto lina latsopano, kapena khungu losiyana ndi la mkono.

Njira imene ndimaidalira pa chala choonjezera ndi yochotsa ndi manja anu kaye. Tsegulani chithunzi mu GIMP, yomwe ndi yaulere, kapena Photoshop ngati muli nayo. Tengani mtundu wa botolo, mupake pa chala chosafunikacho mpaka chisowe. Sizifunika luso, ngakhale pataoneka pothimbirira palibe kanthu. Ngati chala chikusowa, jambulani chake mwachisawawa ndi mtundu wa khungu. Bwezerani chithunzicho ku `Inpaint` pa 0.4 kapena 0.45. Kuwerenga zala mwachita ndinu, modelo yangotsala ndi ntchito imene imaidziwa bwino, yoika khungu, mithunzi ndi zikhadabo. Pangani zinayi, musankhepo.

Mukamasankha yang'anani chinthu chimene ambiri amachiphonya. Dzanja la munthu wakuda lili ndi mitundu iwiri: kuseri n'kwakuda, chikhatho ndi kunsi kwa zala n'koyererako, ndipo m'mbali mwa chala mitunduyi imakumana mosalala. Modelo nthawi zambiri imadetsa chikhatho chonse, kapena kuyeretsa kuseri kwa dzanja, kapenanso kuika zikhadabo mbali ya chikhatho. Zala zikhoza kukwana zisanu bwinobwino, koma aliyense woona chikwangwanicho amva kuti pali chinachake chachilendo ngakhale sangachitchule.

Ngati mukupanga zithunzi zambiri, chowonjezera cha ADetailer chimachita ntchito yomweyi chokha: musankhe `hand_yolov8n.pt`, chipeza manja n'kuwajambulanso, ndipo chili ndi bokosi lakelake la mawu oletsa. Chimathandiza pa zala zofufuma, koma sichiwerenga zala, ndiye muyang'anebe. Dzanja likakanika ndithu, jambulani ndi foni dzanja la munthu weniweni atagwira botolo lenilenilo mofanana ndi pa chithunzi, mulilowetse mu ControlNet, chowonjezera chimene chimatsogolera modelo ndi chithunzi chimene mwachipatsa, musankhe ya `depth` yogwirizana ndi SDXL. Modelo itsatira kapangidwe ka dzanja limenelo, ndipo mawu oletsa atsala ndi ntchito yochepa zedi.

Zinthu zosungunuka

Ndolo yomatirira ku tsaya, mkanda wolowa m'khosi n'kutulukira pena, wotchi yopanda manambala, mabatani osanduka timadontho, mano ophatikana kukhala mzere umodzi woyera: zonsezi zimachokera ku vuto lomwe lija la kuchepa kwa malo. Koma apa mawu oletsa ali ndi mphamvu imene alibe pa manja. Dzanja mukulifuna, mukungofuna likhale labwino, ndipo zimenezo n'zovuta kuzinena. Mphete simukuifuna n'komwe, ndipo kuchotsa chinthu chathunthu chodziwika dzina ndi ntchito imene bokosi la pansi limaichita bwino kwambiri. Choncho m'malo molimbana ndi mphete yosungunuka, iletseni:

```
extra fingers, fused fingers, ring, bracelet, wristwatch, necklace, text, logo
```

Mawu ngati `melted` kapena `distorted` mukhoza kuwayesa pa tebulo lija, koma musawayembekezere zambiri. `blurry` amathandiza pa tinthu tofufuma, kungoti amachotsanso kufewa kwa kumbuyo kumene ojambula amakufuna kuti munthu aonekere.

Ngati ndolo zikufunika, zipangeni monga tinachitira dzanja, khutu limodzi pa nthawi, n'kuyerekeza kuti zifanane. Mano ndi maso chimodzimodzi, koma `Denoising strength` ikhale yotsika, cha pa 0.3, kuti nkhope isasinthe kukhala ya munthu wina. Nsalu ya maluwa ngati chitenje imavuta padera: maluwa amayamba bwino pa phewa, pofika pa khwinya la pachigongono asanduka phala. Chovala cha mtundu umodzi chimapulumutsa nthawi, ndipo chimathandizanso kuti katundu aoneke. Ngati mwini malonda akufuna chitenje, pemphani maluwa akuluakulu ochepa, osati ang'onoang'ono ambirimbiri.

Zolemba za pa botolo musazisiyire modelo. Mwaona kuti tinapempha botolo loyera lopanda kanthu n'kuletsa `text` ndi `logo`. Tinachita dala. Dzina la mafutawo, kulemera kwake ndi chizindikiro cha kampani ziyenera kuchokera pa chithunzi chenicheni cha katunduyo, kapena pa fayilo ya mwini malonda, n'kuikidwa mu GIMP pansi pa zala, zala zikhale pamwamba ndi kamthunzi kake. Wogula akafika m'sitolo ayenera kupeza botolo lofanana ndi limene anaona pa chikwangwani.

Musanatumize kwa mwini malonda

Chithunzi cha 896 × 1152 n'chaching'ono pa chikwangwani, ndiye muchikulitsa. Kukulitsa kumene kumajambulanso, monga kwa `img2img`, kukhoza kubwezeretsa mavuto amene munachotsa. `Denoising strength` ikhale 0.2 mpaka 0.3, mawu oletsa aja akhalemobe, ndipo zolemba za pa botolo muziike pambuyo pa kukulitsa, osati patsogolo pake. Mukamaliza werenganinso zala kuyambira pachiyambi.

Kenako tembenuzani chithunzi, kumanja kupite kumanzere, muyang'anenso. Diso limene lakhala pa chithunzi chimodzi nthawi yaitali limazolowera zolakwika, ndipo kutembenuza kumaziulula. Tsatirani mkono kuchokera pa phewa, kudutsa pa chigongono, mpaka pa chala chachikulu, muone ngati chala chimenecho chili mbali yoyenera mkono umenewo. Kwezani dzanja lanu, mugwire botolo mofanana, muyerekeze. Onani mzere umene dzanja lokonzedwa lakumana ndi mkono wakale: pakaoneka malire, kwezani `Mask blur` kuchoka pa 4 kufika pa 8 kapena 12 n'kubwereza. Pomaliza patsani munthu amene sanaone ntchitoyi kuti ayang'ane pa foni yake, musamuuze chimene mukufufuza, mungomufunsa chimene waona choyamba.

Sungani fayilo ya PNG imene pulogalamu inatulutsa, chifukwa m'kati mwake muli mawu onse, `Seed` ndi manambala amene munagwiritsa ntchito, ndipo mukhoza kuwawerenganso pa `PNG Info`. Werenganinso chilolezo cha modelo imene mwagwiritsa ntchito, popeza ena mwa mamodelo amene anthu amagawana saloleza malonda. Mawu oletsa amene mwapeza pa ntchitoyi ndi a modelo imeneyi ndi kaimidwe kameneka. Mwini malonda akabweranso sabata yamawa kufuna bambo wonyamula thumba la ufa paphewa, yambiraninso pa bokosi lopanda kanthu ndi zithunzi 8.